Bambo akufuna kundipatsa nyumba ya ku Mufakose: kodi mayi ondipeza ayenera kusaina, nanga msonkho wake ndi wotani?

"Bambo anga ali ndi zaka 63 ndipo ali ndi nyumba ku Mufakose imene taitolo didi yake inatuluka mu 1996 m'dzina lawo lokha. Mayi anga atamwalira, bambo anakwatiranso mu 2004 ku khoti la majisitireti, ndipo mpaka lero akukhala m'nyumbamo ndi mayi ondipezawo. Tsopano akufuna kuti nyumbayo ilembedwe m'dzina langa iwo akadali moyo, koma mayiwo sanauzidwe. Achibale ena akuti popanda mayiwo kusaina palibe chimene chingatheke, ena akuti poti ndi mphatso palibe msonkho. Nyumba zofanana nayo zikugulidwa pa madola a ku America pafupifupi 40,000. Tiyambire pati?" — Naphiri, Mufakose

Mayi Naphiri, mtima ukhale m'malo, chifukwa zimene bambo anu akufuna ndi zololedwa ndipo zimachitika kawirikawiri muno mu Harare. Mwachitanso bwino kufunsa musanasainirane chilichonse, popeza magulu onse awiri a achibale anu akulakwitsa, ndipo kulakwitsa kwa gulu lachiwiri kungakudyereni ndalama zambiri.

Chinthu choyamba si kulemba kalata ya mphatso ayi, koma kutsimikiza chimene chalembedwa ku Ofesi ya Madidi. M'dziko muno umwini wa malo susamuka ndi mawu a pakamwa, ngakhale ndi kalata yosainidwa pamaso pa akuluakulu a banja kapena afidaviti yodindidwa ku polisi. Umasamuka pokhapokha chikalata chosamutsira umwini chikalembetsedwa kwa Mlembi wa Madidi, monga likunenera lamulo la Chaputala 20:05, ndipo chikalatacho chimakonzedwa ndi loya amene anavomerezedwa kugwira ntchito imeneyi, amene timamutcha konveyansa. Loyayo adzafufuza m'kaundula kuti aone ngati dzina lili pamenepo ndi la bambo okha, ngati nyumbayo siinaikidwe chikole pa ngongole ya ku banki imene sinafufutidwe, ndiponso ngati palibe kaviyati, chizindikiro chimene chimaletsa kuti malo asamutsidwe. Ndimalimbikira kufufuzaku chifukwa pepala limene lili m'sutikesi ya bambo limangonena mmene zinalili mu 1996, pamene kaundula amanena mmene zilili lero. Mabanja ambiri a ku Mufakose, Mbare, Highfield ndi Mabvuku amatchula "didi" pepala limene kwenikweni ndi mgwirizano wogula nyumba ku khonsolo, ndipo ngati bambo ali ndi loterolo, njira yake ndi ya sesheni, kutanthauza kusamutsira ufulu wa pa mgwirizanowo kwa munthu wina, ku ofesi ya nyumba ya khonsolo ku Remembrance Drive, osati ya ku Ofesi ya Madidi. Kukapezekanso kuti dzina la malemu mayi anu lili pambali pa la bambo, theka lawo silingaperekedwe ndi bambo, ndipo liyenera kuyamba ladutsa kwa Masita wa Khoti Lalikulu, mkulu woyang'anira katundu wa anthu omwalira, monga chuma cha masiye.

Pa kufufuza komweko muyerekeze dzina la pa didi ndi la pa chitupa cha bambo, chilembo ndi chilembo. Ife amene makolo athu anachokera ku Malawi timakumana ndi vutoli mobwerezabwereza, chifukwa akalaliki a kale ankalemba monga amvera: Phiri nkukhala Piri, Mwale nkukhala Mwali, kapena dzina la bambo a munthu nkulembedwa ngati chiwongo chake. Ena anasintha chitupa pambuyo pa malamulo aakulu a 2013 pochotsa mawu osonyeza kuti ndi mlendo, ndipo tsiku lobadwa linakonzedwa pomwepo. Kusiyana kotere sikulepheretsa mphatso, koma kumafuna kuti loya apemphe Mlembi kukonza dzinalo ndi umboni wolumbirira, ndipo ndi bwino kutero poyamba m'malo moti mapepala adzabwezedwe zonse zitalipiridwa kale.

Tsopano nkhani ya mayi okupezani. Lamulo la katundu wa anthu okwatirana, Chaputala 5:12, linakhazikitsa kuti kuyambira pa 1 Januwale 1929 ukwati wa anthu okhazikika m'dziko muno suphatikiza chuma chawo, pokhapokha iwo eni atapangana mwalamulo ukwati usanachitike kuti chikhale chophatikizana. Choncho chimene chili m'dzina la mwamuna ndi cha mwamuna, chimene chili m'dzina la mkazi ndi cha mkazi, kaya mtchato wawo ndi umene anthu amautcha wa 5:11 kapena wa mwambo umene unkatchedwa wa 5:07. Lamulo latsopano la maukwati limene linayamba kugwira ntchito mu 2022 silinasinthe mfundo imeneyi. Makhoti akhala akugamula kuti ufulu wa mkazi wokhala m'nyumba ya banja ndi ufulu umene ali nawo kwa mwamuna wake yekha, osati pa nyumba yeniyeniyo, ndipo mwamuna amene dzina lake lili lokha pa didi angathe kugulitsa kapena kupereka popanda mkazi kusaina. Woweruza Rita Makarau, pamene anali ku Khoti Lalikulu, anadandaula poyera kuti lamuloli latsalira m'mbuyo ndipo silikuteteza akazi, komabe anagamula motsatira lamulolo chifukwa ndi limene lilipo. Ndiye ngati kaundula atsimikiza zimene mwanena, Mlembi wa Madidi sadzafuna siginecha ya mayiwo.

Komabe loya wosamala adzapempha kuona setifiketi ya ukwati, ndipo adzafunsa kumene bambo anali okhazikika pamene ankakwatira. Funsoli lili ndi chifukwa. Chuma cha m'banja chimayendera lamulo la dziko limene mwamuna anali wokhazikika pa tsiku la ukwati, ndipo ku Joni ukwati wopanda pangano lapadera umaphatikiza chuma chonse. Munthu amene anakhazikikadi kumeneko nkukwatira, kenaka nkubwerera ku Harare, angathe kupezeka kuti nyumba yake ya kuno ndi ya awiri ngakhale didi ikutchula mmodzi. Kwa bambo anu, amene akhala ku Mufakose nthawi yonseyi, sindikuona kuti zimenezi zikuwakhudza, koma yankho liyenera kuchokera pa setifiketi, osati pa kukumbukira kwa achibale.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere bwino, chifukwa kusafunika kwa siginecha sikutanthauza kuti mayiwo alibe pogwira. Makhoti omwewo ananenanso kuti mkazi angathe kutsutsa kusamutsako ngati atasonyeza kuti amene walandira nyumbayo anagwirizana ndi mwamuna ndi cholinga chomulanda ufulu wake. Wogula wachilendo amene walipira mtengo wonse osadziwa za m'banjamo amatetezedwa mosavuta. Inu simuli choncho. Ndinu mwana wa m'nyumba, mukudziwa kuti mayiwo akhalamo kuyambira 2004, simukulipira kanthu, ndipo zikuchitika iwo osauzidwa. Loya aliyense amene mayiwo angapite kwa iye adzayambira pa mfundo zinayi zimenezi. Sindikunena kuti angapambane ndithu, chifukwa kutsimikiza chiwembu pa khoti ndi kovuta, koma angathe kupempha chiletso, kaviyati nkuikidwa pa nyumbayo, ndipo inu nkukhala ndi didi imene simungagulitse nayo kapena kukongolera nayo mpaka mlandu utatha.

Zinthu zimavuta koposa ngati m'banjamo muli kale mkangano umene ungafike pa chisudzulo. Gawo 7 la lamulo la Chaputala 5:13 limapatsa khoti mphamvu yogawa katundu wa mwamuna ndi mkazi posudzulana mosayang'ana dzina limene lili pa didi, ndipo katunduyo amaphatikizapo ngakhale amene mmodzi anali naye asanakwatirane. Mfundo yakuti bambo anapeza nyumbayi mu 1996 mayiwo asanabwere ingachepetse gawo lawo, koma siiwatsekera kunja. Khoti limawerengera zipinda zimene anathandiza kuonjezera, mpanda umene anamangitsa, mareti a khonsolo amene ankalipira ndi ndalama za kumsika, ngakhalenso ntchito ya pakhomo yopanda malisiti monga kulera ana ndi kudwazika mwamuna. Mphatso yoperekedwa chisudzulo chili pafupi imaoneka ngati kubisa katundu, ndipo oweruza saikonda. Mufunse bambo mwaulemu koma mosabisa chifukwa chimene sakufunira kuti akazi awo adziwe.

Muyeneranso kudziwa chimene mayiwo akutaya, kuti mumvetse mmene adzaimvere nkhaniyi. Bambo atamwalira osasiya wilo nyumba ili m'dzina lawo, lamulo limapereka kwa mkazi wamasiye nyumba imene ankakhalamo pa nthawi ya imfayo, pamodzi ndi katundu wa m'nyumba. Mphatsoyi ikuchotsa chimenecho. Kwathu, kumene mbumba imapitirira kudzera mwa mwana wamkazi, ambiri angaone kuti bambo akuchita zoyenera poteteza mwana wa mkazi woyamba, ndipo ine sindikutsutsa cholingacho. Koma munthu amene wakhala zaka zoposa 20 m'nyumba nkudzamva pa maliro a mwamuna wake kuti ndi mlendo sangangonyamula katundu mwakachetechete.

Njira imene ndimalangiza pa nkhani zotere ndi yopereka umwini kwa inu koma nkusungira bambo ndi mayiwo ufulu wokhalamo moyo wawo wonse, umene maloya amautcha yusufrakiti. Ufuluwu umalembedwa pa didi yeniyeniyo, kotero umamanga aliyense amene angadzakhale mwini nyumbayo. Amene ali nawo amakhalamo, angathe kuikamo maloja nkumalandira lendi, ndipo amayembekezeka kusamala nyumba ndi kulipira mareti, koma sangaigulitse. Ukalembedwa kuti ukhale mpaka womaliza mwa awiriwo atamwalira, umatha wokha pa imfa imeneyo, ndipo inu mumangopereka setifiketi ya imfa kuti ufufutidwe. Kuipa kwake kwa inu nkwakuti pa nthawi yonseyo simungalowemo mwa mphamvu, ndipo banki siilandira mosavuta nyumba yotere ngati chikole. Ngati zimenezo zikukuvutani, ndi bwino muzinene tsopano.

Ufulu umenewu ukutetezanso bambo anu, ndipo mbali imeneyi makolo ambiri saiganizira. Nyumba ikangolembedwa m'dzina lanu, ngongole zanu zingathe kuigulitsitsa. Ngati muli pa banja nkudzasudzulana, idzatchulidwa pakati pa katundu amene khoti liyenera kumuganizira. Mutatsogola ndinu, idzalowa m'chuma chanu cha masiye, ndipo bambo angapezeke akupempha mkamwini malo ogona m'nyumba imene anailipira okha. Madzi akatayika saoleka: mphatso imene yalandiridwa ndi kulembetsedwa siibwezedwa chifukwa chakuti wopereka wasintha maganizo. Lamulo limalola kuibweza pa zifukwa zochepa, monga kusayamika koipitsitsa kwa wolandira, ndipo zimenezo zimafuna mlandu ku Khoti Lalikulu ndi umboni wamphamvu.

Mayiwo akavomera, asaine afidaviti yonena kuti akudziwa za mphatsoyi, akumvetsa zotsatira zake ndipo sakutsutsa. Pepalali silikufunidwa ndi Ofesi ya Madidi, koma limatseka pakamwa aliyense amene angadzanene kuti munachita mobisa. Kuti likhale ndi mphamvu, mayiwo ayambe alangizidwa ndi loya wina amene si wa bambo kapena wanu, ndipo ngati ndalama palibe, bungwe la maloya achizimayi la ZWLA limathandiza amayi pa nkhani zotere. Nawonso bambo akaonane ndi konveyansa paokha, inu mutatsala panja, kuti abale anu asadzanene kuti munawakakamiza kapena kuti mutu wawo sunkagwira. Akakana mayiwo, bambo akadali ndi mphamvu yopitiriza, koma pamenepo musasunthe popanda uphungu wa loya wodziwa milandu ya mabanja amene waona mapepala onse.

Tibwere ku msonkho, kumene mawu akuti mphatso amanyenga anthu ambiri. Lamulo la msonkho wa phindu la pa katundu, Chaputala 23:01, limatenga kupereka nyumba kwaulere ngati kugulitsa pa mtengo wa pamsika. ZIMRA, imene imatolera misonkho ya boma, siifunsa kuti mwalipira zingati, imafunsa kuti nyumbayo ikanagulidwa zingati, ndipo Mlembi wa Madidi saloledwa kulembetsa popanda setifiketi ya ZIMRA yosonyeza kuti msonkhowu walipiridwa kapena wakhululukidwa. Kawerengedwe kake kamadalira tsiku limene wopereka anapezera nyumbayo. Ngati anaipeza pasanafike pa 22 Febuluwale 2019, msonkho ndi 5 peresenti ya mtengo wonse. Ngati anaipeza pambuyo pake, ndi 20 peresenti ya phindu, kutanthauza mtengo wa lero kuchotsapo zimene anagulira, zimene anaonjezera pomanga, ndi kagawo kena kamene lamulo limalola chifukwa cha kukwera kwa mitengo. Nyumba ya bambo ili m'gulu loyamba, choncho pa madola 40,000 msonkho ukanakhala madola 2,000.

Ndanena kuti ukanakhala chifukwa bambo ali ndi mwayi waukulu wokhululukidwa. Munthu amene wakwanitsa zaka 55 salipira msonkhowu pa nyumba imene ndi mokhala mwake mwenimweni. Chikhululukirochi sichibwera chokha ayi, chimapemphedwa, ndipo ZIMRA imafuna umboni wa zaka ndi umboni wakuti bambo amakhaladi mmenemo, monga mabilu a khonsolo ndi a magetsi a m'dzina lawo. Lamulo limati nyumbayo ikhale imene munthu wakhalamo nthawi yonse imene wakhala mwini wake, kapena kwa zaka zinayi kapena kuposerapo zotsatizana mpaka tsiku loipereka. Mfundo imeneyi ndi imene imagwetsa ambiri. Ndaonapo bambo wina amene atapuma ntchito anasamukira ku puloti yake kunja kwa mzinda, nyumba ya m'tauni nkudzaza maloja, ndipo patapita zaka ziwiri ndi pamene anabwera kudzaipereka kwa mwana wake. Zaka anali nazo, koma pofunsidwa kumene amagona anayankha zoona, ndipo msonkho unalipiridwa wonse. Ngati bambo anu akuganiza zopita kumudzi kapena kubwerera ku Malawi, kusamutsa kuchitike iwo akadali m'nyumbamo.

Mwina mudzamva kuti pakati pa achibale msonkhowu kulibe. Chimene anthu amasokoneza ndi chakuti mwamuna ndi mkazi wake akapatsana nyumba angasankhe kuti msonkho uimikidwe mpaka nyumbayo idzagulitsidwe kwa munthu wina. Mwayi umenewo ndi wa okwatirana okha, sufika kwa mwana, mlongo kapena mwana wa mlongo.

Ku ZIMRA wopereka ndi wolandira amafunsidwa mafunso, ndipo nonse awiri muyenera kukhala ndi nambala ya msonkho ya TIN musanapite. Loya amadzaza fomu ya CGT 1 nkuphatikiza kalata ya mphatso, didi, zitupa, ndi lipoti la katswiri wovomerezeka wowerengera mtengo wa nyumba. Mafunso ake ndi osavuta kwa onena zoona: pali ubale wanji, pali ndalama imene yaperekedwa mseri, nyumbayo ili ndi zipinda zingati, akukhalamo ndani. Wofunsayo akaona kuti mtengo wa mu lipoti ndi wotsika poyerekeza ndi nyumba za m'deralo, ali ndi mphamvu yoika wake.

Msonkho wachiwiri ndi wa sitampa, umene umalipiridwa polembetsa, ndipo umenewu ulibe chikhululukiro cha zaka chifukwa ndi wa wolandira. Umakwera ndi mtengo wa nyumba: 1 peresenti pa madola 5,000 oyamba, 2 peresenti pa madola 15,000 otsatira, 3 peresenti kuchokera pa 20,000 kufika pa 100,000, ndi 4 peresenti pa zopitirira pamenepo. Pa nyumba yanu, gawo loyamba likupereka madola 50, lachiwiri 300, ndipo madola 20,000 otsalawo akupereka 600, zonse pamodzi madola 950. Malipiro a konveyansa amatsata mlingo umene Bungwe la Maloya la Zimbabwe limakhazikitsa. Mukawerengera pa 3 peresenti mupeza madola 1,200, kuonjezapo VAT ndi tindalama ta kufufuza ndi kulembetsa. Choncho ngakhale bambo atakhululukidwa, konzekerani madola opitirira 2,000 musanawerengere wowerengera mtengo ndi khonsolo, ndipo akapanda kukhululukidwa ndalamayo ipitirira 4,000. Manambalawa amasinthidwa ndi malamulo a bajeti, ndiye loya akupatseni chiwerengero cholembedwa cha tsiku limene mukuyamba.

Padzapezeka wina wokuuzani kuti mupeze wowerengera mtengo womvetsa zinthu kuti alembe madola 25,000. Kupatula kuti kunamiza ZIMRA ndi mlandu, masamu ake ndi okupwetekani inu nomwe. Pa 25,000 sitampa ndi madola 500, ndiye mwapulumutsa 450. Koma inu mukupeza nyumbayi pambuyo pa 2019, kotero tsiku limene mudzaigulitse mudzalipira 20 peresenti ya phindu, ndipo phindulo lidzawerengedwa kuchokera pa mtengo umene walembedwa lero. Tiyerekeze kuti mwadzaigulitsa pa 60,000. Kuchokera pa 40,000 phindu ndi 20,000 ndipo msonkho ndi 4,000, pamene kuchokera pa 25,000 phindu ndi 35,000 ndipo msonkho ndi 7,000, tisanachotse zina zimene lamulo limalola. Poti bambo akuyembekezeka kukhululukidwa, mtengo woona suwaonjezera kalikonse, ndipo kwa inu ndi chitetezo. Lipotilo ndi setifiketi ya ZIMRA muzisunge pamodzi ndi didi.

Khonsolo nayo ili ndi gawo lake. Pamafunika setifiketi yosonyeza kuti mareti ndi madzi zalipiridwa, ndipo khonsolo ya Harare imafuna kuti ngongole yonse ithe ndi kulipiriratu miyezi ingapo ya m'tsogolo. Setifiketiyi ili ndi tsiku lothera, choncho musathamangire ku maofesi a khonsolo a ku Rowan Martin kukaitenga za ku ZIMRA zisanalongosoke, chifukwa ikatha mphamvu mapepala asanalowe mudzalipiranso. Bilu ya nyumbayo muione lero lomwe, popeza ngongole ya mareti ya zaka zambiri nthawi zina imaposa misonkho yonse imene ndatchulayi.

Mapepala amene mudzasaine si ambiri. Pali kalata ya mphatso, imene bambo amanena kuti akupereka ndipo inu mumasaina kuti mwalandira, pamaso pa mboni. Kulandirako kulembedwe ndithu, chifukwa mphatso imene sinalandiridwe siimanga munthu. Pali chikalata chimene bambo amapatsa nacho konveyansa mphamvu yokaonekera kwa Mlembi m'malo mwawo, ndi zikalata zimene aliyense wa inu amatsimikiza mtengo ndi mmene mwapatsirana. Ngati mmodzi wa inu ali kunja kwa dziko, asainire pamaso pa notale wa kumeneko, amene ndi munthu wovomerezeka kutsimikiza zikalata, kapena ku ofesi ya kazembe wa Zimbabwe, chifukwa chidindo cha polisi ya kunja sichikwanira. Didi yoyambirira imaperekedwa pamodzi ndi zonsezi, ndipo ngati inatayika pamafunika kulengeza mu Gazeti ya Boma ndi m'nyuzipepala musanapatsidwe ina, zimene zimatenga milungu ingapo. Mufunsenso loya za malamulo a 2025 amene akufuna kuti madidi akale a pepala atsimikizidwe ndi kusinthidwa kukhala atsopano otetezedwa, kuti ntchito ziwirizi ziyendere limodzi. Ku Ofesi ya Madidi mapepala amaunikidwa, ndipo akapezeka olongosoka Mlembi amasaina. Kufikira tsiku limenelo nyumba ndi ya bambo, ndipo atamwalira ntchito ili pakati, mphamvu imene anapatsa loya imatha, nkhani yonse nkupita kwa Masita.

Chenjezo limodzi ngati bambo angaganize zogawa, kuti inu mutenge nyumba yaikulu ndipo wina atenge kanyumba ka kuseri. Mgwirizano wopereka chigawo cha sitandi popanda chilolezo chogawa malo, chimene chimaperekedwa pansi pa lamulo la Chaputala 29:12, ndi wopanda mphamvu kuyambira pachiyambi. Chimene chingatheke popanda chilolezocho ndi kulemba anthu awiri pa didi imodzi, aliyense ndi gawo lake losadulidwa, koma dziwani kuti aliyense wa iwo angathe kugulitsa gawo lake mnzake osavomera.

Bambo ayeneranso kumva za njira ina asanasankhe, imene ndi wilo. Mu 2020 Khoti la Suprimu linagamula kuti munthu wa ukwati wosaphatikiza chuma angasiyire katundu wake aliyense amene wafuna, ngakhale osamusiyira mkazi kapena mwamuna wake. Nyumba yopita kwa wolowa chuma siilipira msonkho wa phindu kapena wa sitampa, ngakhale pali ndalama ya Masita yowerengedwa pa mtengo wa chumacho ndi malipiro a woyendetsa chuma cha masiye. Wilo imasiya nyumba m'manja mwa bambo mpaka imfa, ndipo ingathe kupatsa mayiwo ufulu wokhalamo monga ndafotokozera. Kufooka kwake kwa inu nkwakuti bambo angaisinthe tsiku lililonse, ndiponso mkazi wamasiye amene wasiyidwa wopanda pogwira angapemphe khoti kuti chumacho chizimusamalira. Kwa banja lanu, poona kuti bambo ali ndi mwayi wa chikhululukiro pakali pano, ine ndingasankhe mphatso yokhala ndi ufulu wokhalamo wa onse awiri, mayiwo atauzidwa ndi kusaina.

Popita kwa konveyansa koyamba, bambo atenge didi, chitupa chawo, setifiketi ya ukwati wa 2004, setifiketi ya imfa ya mayi anu ndi bilu yatsopano ya khonsolo, ndipo inu mutenge chitupa ndi setifiketi yanu yobadwira yosonyeza ubale. Musanapereke didi m'manja mwa aliyense, funsani ku Bungwe la Maloya ngati munthuyo ali ndi chiphaso chogwirira ntchito cha chaka chino, ndipo ndalama za misonkho zilowe mu akaunti ya kampani ya maloya yosungira ndalama za makasitomala, mulandire lisiti. Kufufuza kukaonetsa kaviyati, ngongole ya banki kapena dzina lachiwiri, kapena mukamva kuti mayiwo apita kale kwa loya, imitsani zonse ndipo bambo asasaine pepala lina lililonse kufikira loya wa milandu ya mabanja ataiona nkhaniyo.